Kalembedwe ka m'mabuku ka lendi ya chipinda chimene tikuchititsa lendi

Kwa inu amene mwangoyamba kumene kusunga mabuku a kampani yathu,

Mwa ntchito zonse zimene muzigwira mwezi ndi mwezi, ndaona kuti ndikulembereni padera za chipinda cha kutsogolo chimene tinapatsa anthu ena kuti azichitamo lendi. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi zimene timagulitsa, koma imadutsa m'maakaunti angapo, ndipo ikalembedwa molakwika mabuku amaonekabe ngati ali bwino mpaka tsiku limene maodita kapena a MRA adzafunse. Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi yakuti pa nyumba ino pali migwirizano iwiri yosiyana: wina ndi wa ife ndi eni nyumba, wina ndi wa ife ndi tenanti wathu. Mgwirizano uliwonse uli ndi malo ake m'mabuku, ndipo ndalama ya mgwirizano wina siyenera kuchotseredwa pa ya unzake. Ndigwiritsa ntchito mwezi wa Okutobala, chifukwa mwezi umenewu zonse zimachitikira pamodzi.

Mmene zinthu zilili

Nyumba imene tikugwiriramo ntchito kuno ku Limbe si yathu. Ndi ya masikweya mita 200, ndipo tinasainirana ndi eni ake mgwirizano wa zaka 5 pa lendi ya K1,500,000 pamwezi, imene timalipiriratu ya miyezi itatu kumayambiriro kwa Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala. Katundu wathu atachepa m'chipinda cha kutsogolo, chimene ndi cha masikweya mita 40, tinachipereka kwa kampani yaing'ono yosindikiza ndi kuchita fotokope. Mgwirizano wawo ndi wa chaka chimodzi, kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 31 Malichi, ndipo amalipira K350,000 pamwezi pasanadutse pa 5. Tinagwirizananso kuti azitibwezera gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama za magetsi ndi madzi, popeza mita ya ESCOM ndi ya madzi zonse zili m'dzina lathu, ndipo polowa anasiya dipoziti ya K350,000.

Musanalembe chilichonse, tsegulani fayilo ya nyumba ndipo muwerenge mapepala atatu amene ali pamwamba: mgwirizano wathu ndi eni nyumba, mgwirizano wathu ndi tenanti, ndi kalata ya eni nyumba yotilola kuchititsa lendi chipindacho. Kalata imeneyi ndi yofunika chifukwa migwirizano yambiri ya nyumba za malonda, kuphatikizapo wathu, imaletsa kulowetsa munthu wina popanda chilolezo cholembedwa. Mukaiwerenga mudzaona kuti eni nyumba anavomera kuti tenanti alowe, koma sanavomere kuti ngongole yathu ichepe. Tenanti akalephera kulipira, kapena akatuluka usiku osatsanzika, eni nyumba adzafunabe K1,500,000 yathunthu kwa ife. Pamenepa ndi pamene pagona kalembedwe konse. Lendi imene timalipira ndi ndalama imene kampani yaononga, yonse yathunthu, ndipo lendi imene timalandira ndi ndalama imene kampani yapeza, ndipo iyenera kuoneka payokha.

Mbali ya eni nyumba

Mbali imeneyi sinasinthe ngakhale pang'ono chilowereni tenanti, choncho ndidutsapo mwachangu. Pa 1 Okutobala lendi ya miyezi itatu inali K4,500,000. Lamulo la msonkho limafuna kuti kampani yolipira lendi idule kaye msonkho ndi kukaupereka ku MRA m'dzina la wolandirayo. Mu nkhani ino ndikuwerengera 20 peresenti, koma mulingo umenewu umatha kusintha ndi bajeti ya boma, ndiye chaka chilichonse muzitsimikiza pa mndandanda wa MRA. Tinadula K900,000, eni nyumba n'kulandira K3,600,000.

```
01 Oct  Dr Prepaid Rent        4,500,000
        Cr Bank                3,600,000
        Cr WHT Payable           900,000
31 Oct  Dr Rent Expense        1,500,000
        Cr Prepaid Rent        1,500,000
```

K900,000 ija, imene ili mu `WHT Payable`, akaunti ya msonkho wodulidwa, iyenera kufika ku MRA pasanadutse pa 14 mwezi wotsatira. Onani kuti pa 31 Okutobala mu `Rent Expense` mwalowa K1,500,000 yonse, osati K1,200,000 ya mbali imene tikukhalamo ife tokha, komanso osati K1,150,000 yotsala mutachotsa ya tenanti. Akaunti imeneyi iyenera kufanana ndi mgwirizano wa eni nyumba mwezi uliwonse, kuti munthu aliyense atatenga lendi ya pamwezi n'kuchulukitsa ndi miyezi apeze chiwerengero chimene chili mu leja.

Mbali ya tenanti: invoisi ya pa 1

Chinthu choyamba kulemba si ndalama imene yalowa, koma invoisi imene tatumiza. Pa tsiku loyamba la mwezi timatulutsa invoisi ya lendi ya mwezi umenewo kudzera pa akaunti ya tenanti mu leja ya otikongola, monga timachitira ndi kasitomala aliyense wogula pa ngongole. Invoisiyo imalembedwa K350,000 yathunthu, osachotsa msonkho.

```
01 Oct  Dr Debtors - Subtenant   350,000
        Cr Sublease Income       350,000
```

Pali zifukwa ziwiri zimene timayambira pa invoisi. Choyamba, ndalama ya lendi ndi ya mwezi umene tenanti wakhala m'chipindamo, kaya walipira pa 5, kaya walipira mwezi wamawa. Tikamadikira kuti ndalama ilowe ndiye tilembe, mwezi umene tenanti wachedwa udzaoneka wopanda lendi, ndipo mwezi wotsatira udzaoneka ndi lendi ziwiri. Chachiwiri, invoisi ndiyo imachititsa kuti ngongole ioneke. Popanda invoisi, tenanti akadumpha mwezi palibe chimene chimatsala m'mabuku chotikumbutsa, ndipo pofika nthawi imene wina adzazindikire pamakhala patadutsa miyezi itatu kapena inayi.

Popanga invoisiyi mu pulogalamu ya mabuku, samalani kuti isagwere mu `Sales`. Pulogalamu imakonda kuponya invoisi iliyonse ku akaunti ya zogulitsa ngati simunasankhe ina. Ntchito ya kampani yathu ndi kugulitsa zipangizo zomangira, osati kuchititsa lendi, choncho `Sublease Income` ili m'gulu la ndalama zina zopeza, pansi pa phindu la malonda. Ikalowa mu zogulitsa imakweza phindu la malonda popanda katundu aliyense amene watuluka m'sitolo, ndipo abwana akamaona lipoti la mwezi adzaganiza kuti simenti ndi malata zikubweretsa zambiri kuposa mmene zilili.

K340,000 imene inalowa pa 5 Okutobala

Apa ndi pamene pamavuta, ndipo ndikhalapo nthawi. Mukatsegula sitetimenti ya ku banki ya Okutobala, pa 5 mupeza mzere umodzi wolembedwa `RENT OCT` ndi chiwerengero cha 340,000.00 ku mbali ya zolowa. Munthu akaona zimenezi amaganiza msanga kuti tenanti waperewera K10,000 pa lendi ya K350,000. Si choncho ayi. Ndalama imeneyi ndi ya zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pali chinthu chachitatu chimene sichikuoneka pa sitetimenti.

Tenanti wathu ndi kampani, ndipo monga mmene ife timadulira msonkho polipira eni nyumba, iwonso amadula polipira ife. Pa K350,000 anadula K70,000, n'kutsala K280,000. Pamwamba pake anaphatikiza K60,000 ya gawo lawo la magetsi ndi madzi a Seputembala, imene tinawatumizira invoisi pa 30 Seputembala ndipo inali kale pa akaunti yawo ngati ngongole. K280,000 ndi K60,000 ndizo zapanga K340,000. Zimenezi simuyenera kuchita kulota: tenanti amatumiza kapepala kofotokoza zimene walipira, ndipo ngati sikanabwere, muwapemphe musanalembe.

```
05 Oct  Dr Bank                  340,000
        Dr WHT Receivable         70,000
        Cr Debtors - Subtenant   410,000
```

Kenako, pa akaunti ya tenanti, gawani K410,000 ija ku mainvoisi ake: K350,000 ku invoisi ya lendi ya Okutobala, K60,000 ku invoisi ya magetsi ndi madzi ya Seputembala. Mukatero mainvoisi onse awiri atsekeka ndipo akaunti ibwerera pa ziro. Musaisiye ndalamayo ili yosagawidwa, chifukwa lipoti loonetsa nthawi imene ngongole zakhala zisanalipidwe lidzapitiriza kuonetsa mainvoisi akale ngati osalipidwa ngakhale chiwerengero chapansi chili cholondola.

K70,000 ija siinatayike, ndipo si ndalama imene taononga. Ndi msonkho wa kampani yathu umene walipidwiratu kudzera mwa tenanti, ndipo pakutha pa chaka tidzauchotsa pa msonkho wa phindu umene tikuyenera kupereka. N'chifukwa chake imakhala ku mbali ya chuma cha kampani, mu `WHT Receivable`. Koma a MRA sadzangomva mawu athu. Adzafuna umboni wakuti tenanti anaperekadi ndalamayo m'dzina lathu, ndipo umboniwo ndi satifiketi ya msonkho wodulidwa. Popeza tenanti ali ndi mpata mpaka pa 14 Novembala kuti apereke msonkho wa Okutobala, satifiketi imabwera mochedwerapo. Mu fayilo muli pepala la mizere limene timalembapo mwezi, ndalama yodulidwa ndi tsiku limene satifiketi yafika. Lamulo lathu muno ndi lakuti pakadutsa miyezi iwiri satifiketi isanafike, muchotse ndalamayo mu `WHT Receivable` n'kuibwezera pa akaunti ya tenanti, ndipo muwalembere kalata. Munthu amene wadula msonkho koma osaupereka ndiye kuti watilipira lendi yoperewera, ndipo mabuku ayenera kunena zimenezo poyera m'malo mosunga chuma chimene sitingathe kuchitsimikizira.

Mudzaona kuti tsopano tili ndi maakaunti awiri a msonkho wodulidwa, ndipo mwina zidzakuonekerani zosavuta kuchotsa K70,000 pa K900,000 n'kutumiza K830,000 ku MRA. Musatero. K900,000 ndi msonkho wa eni nyumba umene tangowasungira kwa masiku ochepa, ndipo iwo akudikira satifiketi ya ndalama yonseyo. K70,000 ndi yathu, ndipo nthawi yoiwerengera ndi pa msonkho wa phindu la kampani. Kuperewera potumiza msonkho umene tinadula kumabweretsa chindapusa ndi chiwongoladzanja.

Magetsi ndi madzi pakutha pa mwezi

Pa 31 Okutobala sonkhanitsani malisiti a mayunitsi a magetsi amene tagula mweziwo ndi bilu ya madzi. Mwezi uno magetsi anali K265,000 ndipo madzi K55,000, zonse pamodzi K320,000. Ndalama zimenezi zinalowa kale zathunthu m'maakaunti a magetsi ndi madzi pamene tinkalipira kapena kulandira bilu, ndipo zikhale momwemo. Gawo la tenanti ndi K64,000.

```
31 Oct  Dr Debtors - Subtenant    64,000
        Cr Utilities Recovered    64,000
```

Ena amakonda kuchotsa ndalama imeneyi mu akaunti ya magetsi mwachindunji, ponena kuti ndi kubwezeredwa chabe, ndipo pa ndalama yobwezeredwa pa mtengo wake weniweni maganizo amenewo ali ndi pogwira. Ine ndinasankha akaunti yapadera chifukwa mamita ali m'dzina lathu, ngongole ya bilu ndi yathu ngakhale tenanti atakana kulipira, ndipo ndimafuna kuti akaunti ya magetsi izifanana ndi mulu wa malisiti popanda kuwerengera china. Pokonza malipoti a chaka tingathe kusankha poiika, koma ndalama zikasakanizidwa mu leja kuzilekanitsa kumadya tsiku lonse.

Invoisi ya magetsi ndi madzi ikhale yosiyana ndi ya lendi, ndipo muzimatako makope a malisiti. Mukaziphatikiza pa pepala limodzi, wolemba mabuku wa tenanti adzawerengera msonkho wa lendi pa chiwerengero chonse, ndipo mudzayamba kusiyana naye pa timakwacha tosamveka mwezi ndi mwezi. Ndinene pano kuti kugawa magetsi potengera kukula kwa chipinda sindikugwirizana nako kwenikweni, chifukwa makina osindikizira amadya magetsi kuposa mababu ndi makompyuta athu, ndipo chilowereni iwo mayunitsi akutha msanga. Ndapempha kuti pokonzanso mgwirizano tiike kamita kakang'ono ka chipinda chawo. Koma mpaka zimenezo zitalembedwa ndi kusainidwa, inu muzilemba gawo limodzi mwa magawo asanu monga mgwirizano ukunenera, osaonjezera m'maganizo anu.

Mmene mungadziwire kuti mwalemba bwino

Musanatseke mwezi, tulutsani maakaunti okhudzidwawo ndipo muwafananize ndi ziwerengero zimene mungazipeze ndi kakyuleta osayang'ana mu leja. Chaka chathu cha mabuku chimayamba mu Januwale, choncho pa 31 Okutobala `Rent Expense` iyenera kukhala K15,000,000, imene ndi miyezi 10 ya K1,500,000, ndipo mu `Prepaid Rent` mutsale K3,000,000 ya Novembala ndi Disembala. Tenanti wakhala miyezi 7 kuchokera mu Epulo, ndiye `Sublease Income` ikhale K2,450,000 ndipo `WHT Receivable` ya tenanti ameneyu ikhale K490,000, yofanana ndi zimene zili pa pepala la masatifiketi lija. Pa akaunti ya tenanti patsale K64,000 yokha ya magetsi ndi madzi a Okutobala: tinayamba mwezi ndi K60,000, tinaonjezera K350,000, tinachotsa K410,000, n'kuonjezeranso K64,000.

Chiwerengero chikasiyana, kukula kwa kusiyanako kumakuuzani pamene pali vuto. Pa akaunti ya tenanti pakatsala K134,000 m'malo mwa K64,000, ndiye kuti K70,000 ya msonkho sinalembedwe. Akaunti yomweyo ikagwera ku mbali ya kirediti ndi ndalama yaikulu, ndiye kuti malipiro analembedwa koma invoisi ya lendi sinatulutsidwe. Ikakhala K474,000 pamene mukudziwa kuti tenanti analipira, ndalama yake yapita ku akaunti ina, ndipo koyamba kuyang'ana ndi mu `Rent Expense`.

Cholakwika chimenechi ndicho chofala kwambiri, ndipo chimachitika chifukwa cha mawu a pa sitetimenti aja. Wolemba amaona `RENT OCT`, n'kusankha akaunti yokhayo ya lendi imene akuidziwa, ndipo K340,000 imalowa ku kirediti ya `Rent Expense`. Kuopsa kwake n'kwakuti palibe chimene chimalira. Banki imagwirizana ndi sitetimenti, madebiti ndi makirediti amakwanirana, ndipo lendi ya mwezi imangooneka K1,160,000, chiwerengero chimene munthu wofulumira sangachikayikire. Zili ngati kuthira ufa woyera ndi mgaiwa m'thumba limodzi: pa sikelo kulemera kumakwana, koma simungathenso kunena kuti uwu ndi uti.

Zotsatira zake zimaonekera mu Disembala. Mgwirizano wa eni nyumba ndi mafomu a msonkho amene tinapereka ku MRA zidzaonetsa lendi ya K18,000,000, pamene leja idzakhala yoperewera ndi pafupifupi K3,000,000. Tenanti adzakhala atauza MRA kuti anatilipira lendi ya K3,150,000 m'miyezi 9, koma ngati mainvoisi a lendi sankatulutsidwa, m'mabuku athu simudzakhala mzere uliwonse wa ndalama imeneyi, ndipo kwa woyang'anira msonkho zimenezi zimaoneka ngati kubisa. K630,000 ya msonkho wodulidwa, imene tikanachotsa pa msonkho wathu, sidzaoneka paliponse, ndipo n'chapafupi kuti palibe amene adzaikumbukire. Malamulo a kalembedwe ka mabuku amene timatsatira, a IFRS for SMEs, nawonso salola kuchotsa ndalama zopeza pa ndalama zoononga pokhapokha pamene lamulo lenilenilo laloleza. Palinso china chimene abwana amataya: akamafuna kudziwa ngati kuchititsa lendi chipindachi kukupindulitsa, amafananiza K350,000 ndi K300,000, imene ndi gawo la chipindacho pa lendi ya nyumba yonse, ndipo sangathe kutero ngati ziwerengero ziwirizi zamezana.

Mukapeza kuti zalembedwa chonchi mwezi usanatsekedwe, musafufute. Lembani jenala yokonza yokhala ndi mawu ofotokoza, kuti wodzawerenga aone zimene zinachitika. Ngati mainvoisi anatulutsidwa kale, kukonza kwake ndi uku:

```
Dr Rent Expense            340,000
Dr WHT Receivable           70,000
Cr Debtors - Subtenant     410,000
```

Ngati invoisi ya lendi sinatulutsidwe, yambani mwaitulutsa ndi deti la mwezi wake, kenako jenalayi. Mwezi ukakhala kuti unatsekedwa kale, bwerani nazo kwa ine tisanasinthe kanthu.

Zimene sizichitika mwezi uliwonse

Dipoziti ya K350,000 ili mu `Tenant Deposit Held`, ku mbali ya ngongole za kampani, ndipo iyenera kukhala momwemo osasuntha mpaka mgwirizano utatha. Si ndalama yathu. Tenanti akachedwa kulipira, musatenge dipoziti n'kutsekera invoisi, ngakhale chiwerengero chake chikufanana ndi lendi ya mwezi umodzi, pokhapokha patakhala kalata yosainidwa ndi abwana. Akadzatuluka, tiyerekeze kuti kupaka penti ndi kukonza loko kwatidyera K90,000 ndipo mgwirizano ukutilola kudula, mudzalemba debiti ya K350,000 mu akaunti ya dipoziti, kirediti ya K90,000 ku zobwezeredwa pa zokonza, ndi kirediti ya K260,000 ku banki.

Nthawi zina tenanti, makamaka akapeza ntchito yaikulu yosindikiza, amalipiriratu miyezi itatu. Ndalama imeneyo siingalowe yonse mu `Sublease Income` mwezi umodzi. Lendi ya K1,050,000 yolipidwa mu Disembala, ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, ili ndi K350,000 yokha ya chaka chino. K700,000 yotsalayo ipite mu `Rent Received in Advance` ndipo muziitulutsamo K350,000 mwezi uliwonse. Msonkho wodulidwa, umene ungakhale K210,000, umalembedwa wonse pa tsiku la malipiro, chifukwa satifiketi imatsatira tsiku limene ndalama yalipidwa. Apa kulakwitsa kumadutsa malire a chaka, ndiye kumasintha phindu limene tilipirepo msonkho.

Tenanti akapanda kulipira, invoisi muziitulutsabe pa 1 nthawi yonse imene akukhala m'chipindamo, ndipo lendi ya eni nyumba muziilembabe yathunthu. Ngongole ikapitirira miyezi iwiri mundidziwitse kuti tione ngati tiyenera kuyamba kuika padera ndalama ya ngongole yokayikitsa, imene ndi jenala yakeyake ndipo siyichitika pofufuta invoisi. Zikadzachitika kuti tenanti wapereka ndalama mwachindunji kwa eni nyumba, zimene sindizifuna koma zimatha kuchitika pamene anthu akumana pa khonde, mabuku sasintha maonekedwe: lendi yathu ikhalabe K1,500,000, lendi yolandira ikhalabe K350,000, ndipo ndalama yoperekedwayo imachotsedwa pa ngongole ya tenanti kwa ife n'kuwerengedwa ngati gawo la malipiro athu kwa eni nyumba, malinga ngati pali lisiti lochokera kwa eni nyumbawo.

Malire a kalembedwe kameneka

Zonse zimene ndafotokozazi zili pa lendi isanaphatikizidwe VAT. Msonkho umenewu uli ndi akaunti yake ndipo sulowa mu `Sublease Income` kapena mu `Rent Expense` ngati ndi wobwezeredwa. Pamene invoisi ikufunika VAT, pulogalamu imaika mzere wake padera malinga ngati mwasankha kodi yoyenera, ndipo kasankhidwe ka makodi tidzakaonera limodzi pa kompyuta. Ziwerengero zofananizira zimene ndakupatsani pamwambapa muziziwerengera popanda VAT.

Kalembedwe kameneka kakutiyenera chifukwa mgwirizano wa tenanti ndi waufupi, wa chipinda chimodzi, wa lendi yofanana miyezi yonse, ndiponso chifukwa timatsatira malamulo a makampani aang'ono, amene amalola kuti lendi ya mtundu uwu izilembedwa ngati ndalama yoononga mwezi ndi mwezi. Makampani amene amatsatira IFRS yonse amagwiritsa ntchito IFRS 16, imene inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019. Kumeneko wochita lendi amalemba ufulu wogwiritsa ntchito nyumba ngati chuma, ndi lendi ya m'tsogolo ngati ngongole, ndipo akachititsa lendi mbali ina kwa nthawi yotenga pafupifupi zaka zonse zotsala pa mgwirizano waukulu, amachotsa mbali imeneyo pa chuma chija n'kulemba ngongole ya tenanti m'malo mwake. Mukadzaona mabuku a kampani yaikulu akusiyana ndi athu, chifukwa chake n'chimenecho, ndipo musatengere kuno kalembedwe kawo.

Ngakhale pa malamulo athu, pali zinthu zimene zingasinthe chiwerengero cha pamwezi. Tenanti akapatsidwa mwezi waulele monga chokopa, lendi ya mgwirizano wonse imagawidwa mofanana pa miyezi yonse 12, kotero kuti K3,850,000 ya miyezi 11 yolipira imalembedwa pafupifupi K320,833 mwezi uliwonse, kuphatikizapo mwezi waulele uja. Mgwirizano wa tenanti ukutha pa 31 Malichi, ndipo zokambirana zoukonzanso ziyamba mu Febuluwale. Invoisi ya Epulo musaitulutse potengera ya Malichi. Dikirani kope losainidwa la mgwirizano watsopano, muone lendi yake, nthawi yake, kagawidwe ka magetsi ndi dipoziti, komanso mutsimikize kuti kalata ya chilolezo ya eni nyumba ikufikira nthawi yatsopanoyo, kenako tidzakonze limodzi ziwerengero zofananizira za chaka chimenecho.